Makasitomala amene asiya kugula: tiwapeze bwanji, ndipo tiwerenge masiku angati?

Mayi wa Zoweta: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi shopu ya chakudya cha nkhuku, anapiye ndi mankhwala ake. Malonda onse timalemba mu Google Sheets, mzere umodzi katundu mmodzi: deti, dzina la wogula, katundu, ndalama. Ndikufuna kuti Lolemba lililonse ndizitulutsa mayina a anthu amene atha masiku 30 osagula kanthu kuti ndiziwaimbira foni. Akatswiri, ndipange bwanji?

Wachangu: Zosavuta izo mayi. Ikani fyuluta pa kolamu ya deti, musankhe madeti onse akale kuposa masiku 30. Mayina amene atsale ndi omwewo.

Wamabuku: Achimwene, njira imeneyo iwasocheretsa mayiwa. Fyuluta ya deti imaonetsa mizere yakale, osati anthu amene asiya kugula. Munthu amene anagula mu Januwale nagulanso dzulo atulukabe pamndandanda, chifukwa mzere wake wa Januwale ndi wakale. Mapeto ake muimbira kasitomala wanu wokhulupirika kumufunsa chomwe anasiyira kubwera, pomwe thumba analinyamula dzulo lomweli.

Chofunika ndi kupeza kaye tsiku lomaliza limene munthu aliyense anagula, kenako n'kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku limenelo. Ndiye pafunika masamba awiri. Tsamba la `Malonda` likhale ndi deti mu A, kodi ya kasitomala mu B, mtundu wa zomwe zachitika mu C, ndalama mu D. Tsamba la `Makasitomala` likhale ndi mzere umodzi pa munthu aliyense: kodi mu A, dzina mu B, foni mu C, gulu lake mu D, malire a masiku mu E. Mu K1 lembani deti limene mukuwerengera. Kenako mu F2, G2 ndi H2 ikani izi motsatana, n'kukokera pansi:

```
=MAXIFS(Malonda!A:A,Malonda!B:B,A2,Malonda!C:C,"kugula")
=IF(F2=0,"",$K$1-F2)
=IF(G2="","sanagulepo",IF(G2>E2,"wasiya","akugula"))
```

Fyuluta ija tsopano muiike pa H, musankhe "wasiya". Ikakana fomula chifukwa cha makoma, yesani kuika `;` m'malo mwa `,` popeza zimatengera dziko limene linasankhidwa pa fayiloyo.

Mayi wa Zoweta: Zikomo akulu. Koma kodi imeneyi ndi ya chiyani, dzina silokwanira? Ndipo "mtundu wa zomwe zachitika" ndiye kuti chiyani? Ife tonse timangolemba ndalama yomwe yalowa.

Wamabuku: Dzina ndi limene limawononga ntchito yonse. Wogulitsa wam'mawa alemba dzina lenileni, wamasana alemba "abambo a ku Area 25", Loweruka mwana wanu alemba "amazira". Kompyuta iona anthu atatu, ndipo awiri mwa iwo atuluka ngati osiya. Nambala ya foni ndi yabwinoko koma nayo imavuta, chifukwa anthu ambiri ali ndi manambala awiri, wina wa Airtel wina wa TNM, komanso nthawi zina amatuma mnyamata wa kukhola amene amatchula nambala yake. Perekani kodi ya pashopu, monga K001, K002, ndipo ikhale ya khola, osati ya munthu wobwera kudzanyamula. Pakauntala pakhale pepala la makodi ndi mayina. Mu kolamu B ya `Malonda` ikani `Data validation` yotenga makodi kuchokera ku tsamba la `Makasitomala`, kuti wogulitsa azingosankha, asamalembe yekha.

Za mtundu, nkhani yake ndi iyi. Munthu anatenga matumba asanu pangongole pa 5 Malichi, n'kumabweza pang'onopang'ono pa Mpamba sabata iliyonse. Ndalama zikulowa, mzere ukulembedwa pa dzina lake, ndiye pepala lanu likuti akugula. Chonsecho chakudya chatsopano akukatenga kwina. Choncho mu C muzilemba mawu atatu okha: kugula, kubweza ngongole, kubweza katundu. Fomula ija imawerenga "kugula" basi.

Wahadiweya: Nkhani ya angongoleyi ine ndimathana nayo mwachidule. Masiku 30 akakwana osalipira, dzina lake ndimalilemba ndi bolopeni yofiira, katundu osaperekanso mpaka amalize. Palibe chifukwa cha mafomula.

Nkhuku Ndi Dilu: Bambo a hadiweya, funso si la osalipira. Akufunsa za anthu amene ankagula bwinobwino, ambiri kulipira pompopompo, kenako angoti zii.

Koma mayi, ine vuto langa lili pa masiku 30 mwatchulawo. Pa malonda a nkhuku nambala imodzi siingagwire onse. Taonani wa nkhuku zanyama. Atenga anapiye ndi sitata pa 2 Malichi. Pa 16 Malichi abwera kudzatenga gulowa ndi finisha pamodzi kuti asawononge ndalama ya kabaza kawiri. Nkhuku zikwana masabata 6 pa 13 Epulo, agulitsa, achotsa utuchi, atsuka, apopera mankhwala, khola lipuma masabata awiri. Anapiye ena atenga pa 27 Epulo. Kuchoka pa 16 Malichi kufika pa 27 Epulo ndi masiku 42 osaponda pashopu panu, ndipo palibe chomwe chalakwika. Pa malire a 30 munthu ameneyu azituluka "wasiya" ulendo uliwonse woweta.

Tsopano wa nkhuku zamazira. Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Nkhuku 100 ndi makilogalamu 12 patsiku, ndiye thumba la makilogalamu 50 limatha m'masiku anayi ndi pang'ono. Akagula matumba atatu, pa masiku 12 kapena 13 ayenera kubweranso, afune asafune, chifukwa nkhuku sizigona ndi njala. Ameneyu akatha masiku 25 osaoneka, dziwani kuti wagula kale kwina kamodzi kapena kawiri. Mukadikira tsiku la 31 mwachedwa, wazolowera shopu ina ndipo mwina amupatsa kale ngongole kumeneko.

Ndiye 30 ndi wofupika kwa wina, wautali kwa wina.

Wamabuku: N'chifukwa chake malire ndinawaika mu kolamu E pa munthu aliyense, osati mkati mwa fomula. Poyambira, amazira muwapatse 21, anyama 60, ogula mankhwala okha 90. Manambalawa si lamulo, muwasinthe mukaona mmene anthu anu amagulira.

Mukafuna kulondola kwambiri, munthu aliyense ayesedwe ndi kagulidwe kake komwe. Tenga deti lomaliza, chotsapo deti loyamba, gawa ndi maulendo amene wagula kuchotsapo limodzi. Tiyerekeze K014, wa mazira, anagula pa 3 Malichi, 14 Malichi, 27 Malichi, 8 Epulo ndi 20 Epulo. Kuchoka pa 3 Malichi kufika pa 20 Epulo ndi masiku 48. Maulendo ndi asanu, mipata ndi inayi, ndiye amabwera masiku 12 alionse. Malire ake akhale kuwirikiza kawiri, masiku 24. Mukayang'ana pa 18 Meyi, watha masiku 28. Pa lamulo la 30 akuonekabe ngati akugula, pa kagulidwe kake wadutsa malire ndi masiku anayi, ndipo maulendo awiri amudutsa kale.

Wachangu: Maulendowo mungowerenga ndi `COUNTIFS`, n'zachangu.

Wamabuku: Ikanagwira ntchito mzere umodzi ukanakhala ulendo umodzi. Koma mayiwa anena kuti mzere umodzi ndi katundu mmodzi. K014 akagula chakudya, mavitamini ndi mathileyi a mazira tsiku limodzi, `COUNTIFS` iwerenga katatu. Maulendo asanu aja asanduka 15, mpata utsika kuchoka pa masiku 12 kufika pa atatu ndi theka, malire akhala sabata imodzi, ndipo aliyense aoneka ngati wathawa. Werengani madeti osiyana. Mu Google Sheets ilipo yake:

```
=COUNTUNIQUEIFS(Malonda!A:A,Malonda!B:B,A2,Malonda!C:C,"kugula")
```

Kolamu A ikhale ndi deti lokha, popanda ola. Mukaikamo ola, zogula ziwiri za tsiku limodzi ziwerengedwanso ngati masiku awiri. Ndipo njira ya mpatayi musaigwiritse ntchito pa munthu amene wagula kosakwana kanayi. Mipata iwiri siinena chilichonse, mupatseni malire a gulu lake.

Nkhuku Ndi Dilu: Kwa amazira ndikuvomera. Kwa anyama kuwirikiza kawiriko sindikukhulupirira. Mipata yawo si yofanana: masiku 14, kenako 42, kenako 14, kenako 42. Pakati pake ndi 28, kawiri ndi 56, apo zikuoneka bwino. Koma wina amene amagula thumba limodzilimodzi sabata iliyonse nkhuku zili m'khola, mipata yake ndi 7, 7, 7, 7, 7, kenako 21. Pakati pake ndi masiku 9, kawiri ndi 18 kapena 19, ndiye nthawi yopumitsa khola imutulutsa ngati wosiya. Kwa anyama ine ndikanati tengani mpata wake wautali kwambiri muwonjezere masiku 14. Kapenanso bwino, werengerani pa tsiku lomwe anatenga anapiye: masabata 8 akakwana osaitanitsa ena, muimbireni.

Wamabuku: Ya anapiyeyo ndi yabwino kwa amene amatenga anapiye kwa inu. Ambiri amatenga anapiye kwa ejenti wina, chakudya chokha n'kumagula pano. Amenewo tsiku la anapiye mulibe.

Nkhuku Ndi Dilu: Muli nalo. Tsiku limene wagula sitata ndi lomwelo, kusiyana kwake tsiku limodzi kapena awiri.

Wamabuku: Pokhapokha ngati kolamu ya katundu imalembedwa mofanana nthawi zonse, zomwe ndikukayika. Koma chabwino, ayese zonse ziwiri kwa miyezi itatu aone imene ikuimbitsa mafoni achabe ochepa.

Mayi wa Zoweta: Ndayesa mafomula atatu oyamba aja. Zambiri zatuluka bwino, koma anthu ena amene ndikudziwa kuti agula sabata yathayi akuti "wasiya", deti lawo lomaliza likuonetsa kumayambiriro kwa mwezi. Ena akuonetsa masiku okhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo. Awiri akuonetsa 30/12/1899.

Kalaliki Wakale: Mayi, zonsezo ndi matenda a madeti, ndipo ndi odziwika. Yang'anani kolamu A ya `Malonda`. Deti lenileni limakhala kudzanja lamanja la kabokosi, lomwe kompyuta yalitenga ngati mawu wamba limakhala kumanzere. Ngati fayilo inasankhidwa kuti ndi ya ku Amereka, imayembekezera mwezi poyamba, tsiku pambuyo. Mukalemba 25/04 imakanika, chifukwa kulibe mwezi wa 25, ndiye imangolisunga ngati mawu, ndipo `MAXIFS` imalidumpha osadandaula. N'chifukwa chake munthu wogula pa 25 akuoneka kuti anamaliza pa 4. Choopsa kwambiri ndi madeti a pa 1 mpaka 12, chifukwa amalandiridwa koma motembenuka. 08/04, yomwe inu mukutanthauza 8 Epulo, imasanduka 4 Ogasiti, deti la kutsogolo. Ndiye masiku ochotsera mukuwaonawo.

Poyesa, mu kolamu yopanda kanthu lembani `=ISNUMBER(A2)` mukokere pansi. Paliponse pamene patuluke `FALSE` si deti. Kenako pitani ku `File`, `Settings`, pa `Locale` musankhe `United Kingdom`. Dziwani kuti kusinthaku kumakonza zimene muzilemba kuyambira tsopano. Madeti amene anatembenuka kale sadzikonza okha, muyenera kuwaona ndi mabuku a malisiti. Sanjani kolamuyo kuyambira deti lalikulu, onse opitirira lero ndi otembenuka, muyambire amenewo. Ena otembenuka agwera m'mbuyo, monga 01/05 kukhala 5 Januwale, ndipo amenewa mumawagwira poona kuti sakugwirizana ndi mizere yoyandikana nayo.

Ya 30/12/1899 si vuto la deti kwenikweni. `MAXIFS` ikapanda kupeza mzere uliwonse imabweza 0, ndipo 0 mu Google Sheets ndi tsiku limenelo. Mu Excel imaoneka ngati 00/01/1900. Mukadachotsera lero mwachindunji mukadapeza masiku opitirira 45,000. Akulu aja anatchinga kale ndi `IF(F2=0`. Anthu awiriwo mwina kodi yawo ili ndi kampata kobisika kumapeto, kapena mu C munalembedwa "kugla".

Wachangu: Kwa amene ali ndi Excel yakale, `MAXIFS` mulibe mu 2016 yogula kamodzi ndi zam'mbuyo mwake, inayamba mu 2019. Pangani `PivotTable`, kodi ku `Rows`, deti ku `Values`, musinthe kuchoka pa `Count` kupita pa `Max`. Apa ndiye ndikutsimikiza.

Kalaliki Wakale: Apo mwalondola achimwene. Angokumbukira `Refresh` asanawerenge, chifukwa siidzisintha yokha.

Wamapulogalamu: Ngati alipo amene malonda ake ali mu SQLite, monga mapulogalamu ena a pakauntala amasungira, nkhani ndi yomweyo:

```sql
SELECT kasitomala, MAX(deti) AS lomaliza
FROM malonda
WHERE mtundu = 'kugula'
GROUP BY kasitomala
HAVING MAX(deti) BETWEEN date('now','-180 days')
                     AND date('now','-45 days')
   AND COUNT(DISTINCT deti) >= 3;
```

Malire a deti ali mu `HAVING`, osati mu `WHERE`. Mukawaika mu `WHERE` mwabwereza cholakwa cha fyuluta chija. Madeti akhale olembedwa chaka, mwezi, tsiku, monga `2025-04-20`, apo ayi kuyerekezako sikuyenda.

Taonani zinthu ziwiri ndawonjezerazo, zimene mayi afunikanso kuziika papepala lawo. Choyamba, malire a kumtunda. Popanda 180 uja, mndandanda umangokula, anthu amene anasiya kuweta zaka ziwiri zapitazo amadzaza pamwamba sabata iliyonse mpaka mwini shopu amatopa nawo n'kusiya kuutsegula. Chachiwiri, wogula kamodzi kapena kawiri sanakhalepo kasitomala wanu. Munthu wodutsa amene anatsika minibasi n'kugula paketi ya mankhwala sanakusiyeni. Amenewa akhale pamndandanda wina ngati mukufuna kuwakopa.

Mayi wa Zoweta: Madeti ndakonza, analipo ambiri akumanzere. Funso lina: bwanji mu K1 ndisangoika `=TODAY()` kuti izidzisintha?

Wamabuku: Pa mndandanda wa Lolemba mutha kutero. Koma mukafuna kudziwa ngati zinthu zikuipa kapena zikukonzeka, `TODAY()` imakufufutirani mbiri, chifukwa mawa manambala onse asuntha ndipo za mwezi watha simuzionanso. Tsiku lomaliza la mwezi, lembani deti ndi manja mu K1, koperani makolamu A, F, G ndi H, muwamate pa tsamba latsopano ndi `Paste special`, `Values only`, tsambalo mulitche dzina la mweziwo. Mukafuna kubwerera ku mwezi umene simunasunge, wonjezerani `Malonda!A:A,"<="&$K$1` kumapeto kwa `MAXIFS` kuti isaone zogula za pambuyo pa detilo.

Kawerengedwe ka mwezi n'kotere. Tiyerekeze pa 30 Epulo anthu 120 anali "akugula". Pa 31 Meyi, mwa 120 omwewo, 18 asanduka "wasiya". Ndiye 18 kugawa ndi 120, anthu 15 pa 100 alionse. Ogawira akhale amene ankagula kumayambiriro kwa mwezi. Musagawe ndi mayina onse a m'buku, kuphatikiza akalekale, chifukwa nambala ichepa mwabodza. Musaphatikizemonso atsopano a mu Meyi, iwo sanakhale ndi nthawi yoti asiye. Amene anali "wasiya" mu Epulo nabwerera mu Meyi muwawerenge paokha. Akakhala ambiri, mwachitsanzo theka la osiya onse akubwerera okha osaimbiridwa, ndiye kuti malire anu ndi afupi, muwatalikitse.

Nkhuku Ndi Dilu: Ndipo Januwale ndi Febuluwale musachite nawo mantha. Alipo ambiri amene amaweta za Khirisimasi zokha: anapiye kumayambiriro kwa Novembala, kugulitsa mu Disembala, basi mpaka chaka chamawa. Ndalama imapita ku fizi ndi feteleza. Amenewa apatseni gulu lawo mu D, "anyengo", muwachotse pa kawerengedwe ka mwezi. Iwo foni yawo ndi ya mu Okutobala.

Wahadiweya: Tsopano ndamva. Nanga ife opanda kompyuta? Ndili ndi buku lachikuto cholimba basi.

Kalaliki Wakale: Limakwana bambo, bola anthu okhazikika asapitirire 60 kapena 80. Tsegulani masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere mayina, mzere umodzi munthu mmodzi. Pamwamba jambulani makolamu 13, iliyonse sabata imodzi, ndiyo miyezi itatu. Madzulo potseka, tengani malisiti a tsikulo muchonge m'kabokosi ka sabatayo pa aliyense amene wagula. Wobweza ngongole musamuchonge, mulembe N. Lolemba yendetsani chala pamzere uliwonse kuchokera kumanja. Amene amachongedwa sabata iliyonse ndipo pano mabokosi atatu ali mbee, ndi wofunika kumufunsa. Amene amachongedwa kamodzi pamwezi, dikirani mabokosi asanu ndi atatu. Kwa inu a hadiweya chenjezo ndi lakuti womanga nyumba akamaliza wamaliza, sanakuthaweni. Oyenera kuwalondola ndi amisiri, akalipentala ndi owotcherera, amene amagula chaka chonse.

Mayi wa Zoweta: Mndandanda woyamba watuluka ndi mayina ambiri kuposa amene ndingaimbire tsiku limodzi. Ndiyambe ndi amene atha masiku ambiri?

Wamabuku: Ayi, amenewo ndi amene mwayi wowabweza uli wochepa. Yambani ndi amene angodutsa kumene malire, ndipo pakati pawo sanjani potengera ndalama zomwe ankasiya. Onjezani kolamu ya `SUMIFS` yophatikiza zomwe munthu anagula m'miyezi itatu asanasiye. Wa matumba 12 pamwezi amene wadutsa malire ndi masiku anayi aimbiridwe lero, wa theka la thumba angadikire. Muikenso makolamu awiri: tsiku lomwe mwaimba, ndi chifukwa chomwe wanena, m'mawu ochepa osankha, monga mtengo, katundu kunalibe, nkhuku zinafa, wasiya kuweta, ngongole, wasamuka. Popanda kolamu ya tsiku, munthu mmodzi aziimbiridwa Lolemba lililonse mpaka adzakutsekeni.

Nkhuku Ndi Dilu: Musanaimbe yang'ananinso buku la sitoko. Ngati amazira asanu asowa sabata imodzi yomweyo, onani ngati chakudya cha zoikira sichinakuthereni masiku amenewo. Zikatero foni yake ndi yongowauza kuti katundu wafika. Ndipo amene ali ndi ngongole musamuike pamodzi ndi enawo. Akangoona nambala ya shopu aganiza kuti mukulonjerera ndalama, sayankha.

Wamapulogalamu: Ine wa ngongole ndikanamusiya pamndandanda womwewo, kungomuika chizindikiro. Mukamuchotsa, nambala ya osiya ioneka yochepa kuposa zoona, pomwe ngongoleyo ndi imene yamuthamangitsa.

Nkhuku Ndi Dilu: Pa kuwerengera akhalepo, sindikukana. Ndikunena za kuimba. Ameneyo apite mwini shopu yekha kukhola, osati mtsikana wa pakauntala pafoni.

Mayi wa Zoweta: Kwa amene wanena kuti nkhuku zinafa ndi chitopa, ndimuchotse kapena ndimusiye?

Wamabuku: Pa mwezi umenewo awerengedwe ngati wosiya, chifukwa ndalama yake yasiyadi kulowa. Koma mufunseni kuti akuganiza zoyambiranso liti, mulembe detilo mu kolamu ina, ndipo fyuluta ya Lolemba izimubisa mpaka kutatsala sabata imodzi kuti tsikulo lifike.